Hylke Wogwira Makoswe ndi Chithunzi cha M'ngalande

Mlongo wanga Hylke Roorda anabadwa osalira. Mayi ankanena kuti mzamba anachita kumumenya kawiri pamatako, iye n'kungomuyang'ana ngati akufunsa kuti kodi zimenezi n'zofunika. Ine Aukje ndine wamkulu, ndipo mawu onse a pabanja pathu anagwera ine, moti pamene Hylke ankabadwa m'nkhokwe munali mutatsala "eya", "ayi" ndi "tiona". Ndi mawu atatu amenewa anamaliza sukulu, anapeza ntchito, mpaka anakwatira. Mlamu wanga Nynke amaumirira kuti anafunsiridwa, koma ine ndimakhulupirira kuti anadzifunsira yekha, Hylke n'kungoti eya.

Ntchito yake ndi yogwira makoswe a m'madzi. Musaseke, ndi ntchito yolembedwa, ya penshoni ndi galimoto yomwe. Makoswe amenewa amakumba mauna m'zitunda zotchinga madzi, ndipo zitundazo zikagumuka tonse a kuno ku Skarwier tidzadzuka mabedi akuyandama. Choncho Hylke amayenda tsiku lonse m'mbali mwa ngalande, atavala jombo zofika m'chifuwa, misampha ili kumsana, m'manja muli mtengo wautali wodumphira ngalande. Ntchitoyi inamukwana ngati chovala chosokedwa pathupi, chifukwa khoswe safuna kucheza.

Munthu yekhayo amene anakwanitsa kumutsegula pakamwa ndi mwana wake Marrit. Kuyambira ali wamng'ono, Loweruka lililonse ankadzuka m'mamawa n'kutsata bambo ake kukayendera misampha. Mwanayo anatengera ine pakamwa. Ankalankhula kuchokera pageti mpaka kubwerera, bambo ake akungoponyamo "eya" apa ndi apo, koma ukawaona akubwera pachitunda, wamkulu patsogolo wamng'ono pambuyo, aliyense ndi mtengo wake paphewa, unkadziwa kuti mlongo wangayo wafika pomwe mtima wake umafuna. Anamuphunzitsa kudumpha ngalande: kuthamanga, kuzika mtengo pakati pa madzi, kudzikankha, n'kukatera tsidya linalo mapazi ali ouma.

Chaka chimene Marrit anakwanitsa zaka khumi, analembetsa mpikisano wa ana wodumpha ngalande pa chikondwerero cha mudzi. Pa mpikisanowu wolengeza amatchula mwana aliyense pachimkuzamawu, dzina lonse, ngakhale la agogo lomwe analipachika pakati, kuti agogowo amve kuti sanaiwalike. Ndiye mudzi wonse unamva kuti tsopano akubwera Marrit Sietske Roorda. Mwana anathamanga bwino, anazika mtengo bwino, koma mtengowo unamira m'matope n'kuima chilili pakati pa ngalande. Marrit anaukakamira pamwamba, akuyang'ana tsidya ili ndi tsidya ilo, kenako manja anatopa n'kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka phava. Anavuuka ndere ili m'mutu ngati duku, matope mpaka m'makutu, akulira kukamwa kuli yasa. Anthu anaseka, anamukulunga thaulo, anamugulira zitumbuwa zothira shuga, ndipo tonse tinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo.

Sitinadziwe kuti pagululo panali mlendo. Ndi aja amabwera nthawi yotentha panjinga zamagetsi, mwamuna ndi mkazi atavala majekete ofanana, koma ameneyu anali yekha ndi kamera ya mphuno yaitali. Patapita masiku, mayi wina wodzagula buledi pasitolo yomwe ndimagulitsa anandilozetsa foni yake, akuseka, amvekere kodi uyu si mwana wa mlongo wanu. Pa tsamba lina la mchezo, lotseguka kwa aliyense, la munthu wotchedwa Evert Dalhuisen, panali Marrit wathu ndi ndere yake ndi misozi yake. Pansi panalembedwa kuti Marrit Sietske Roorda wa ku Skarwier akulawa madzi a kwawo. Anthu amene anali ataika kale tinkhope toseka anali ochuluka kuposa anthu onse a m'mudzi mwathu kuphatikiza ng'ombe.

Kusukulu chithunzicho chinafika ife tisanachione. Anzake anayamba kumutchula Chule, ndipo akamadutsa ankalira ngati achule a m'dambo. Mnyamata wina anamuonetsa kuti ukangolemba dzina lake pa tsamba lofufuzira zinthu, choyamba kutuluka ndi nkhope ya matope ija. Loweruka lotsatira Hylke anaima pansi pa masitepe ndi mitengo iwiri, koma Marrit sanatsike. Hylke anakwera kukamuona, ndipo mwanayo anatembenukira kukhoma.

"Ndichotsa," anatero Hylke.

"Simungathe, ababa."

"Ndichotsa."

Anapita yekha kumisampha tsiku limenelo, ndipo Nynke akuti anabwerako msanga kuposa masiku onse. Mwana anasiya kulankhula naye. Patebulo ankapempha batala kudzera mwa mayi ake, bambo ake ali pomwepo, batalayo ili pafupi ndi chigongono chawo. Hylke akanatha kupirira zambiri, koma nyumba yokhala ndi anthu awiri osalankhula inamukulira.

Vuto linali loti mlongo wangayo ankaganiza kuti chithunzi cha pa intaneti chili ngati khoswe: upeza una wake, utchera, mawa ukatola. Anafuna kuyamba ndi kuvala jombo. Nynke, amene ndi namwino ndipo amadziwa kuti chosalembedwa sichinachitike, anamukhazika pansi n'kumuuza kuti choyamba ndi umboni. Anajambula zonse zimene zinkaoneka pa sikirini, chithunzi, mawu a pansi, tsiku, dzina la mwini tsamba, n'kukopera adiresi ya tsambalo. Hylke sakhulupirira chinthu chimene sangachigwire, choncho anakasindikiza pepala limodzi lalikulu, analipinda osaliyang'anitsitsa, n'kukalitsekera m'shedi momwe amasunga misampha.

Kenako anachita chinthu chimene sanachitepo chibadwire: analemba ndemanga. Anatsegula akaunti mothandizidwa ndi mnzake wa kuntchito, n'kulemba pansi pa chithunzicho, poyera, kuti uyu ndi mwana wake, amaphunzira pasukulu ya kuseri kwa tchalitchi, ndipo achotse. Munthu amene amasunga mawu ngati ndalama za maliro anasankha tsiku limeneli kuti awaze, n'kuuza dziko lonse komwe mwana amapezeka m'mawa uliwonse. Abale athu ataona anati mutu umodzi susenza denga. Amalume a ku Bolsward analemba, kwaya yonse ya tchalitchi inalemba, gulu la mpira linalemba, aliyense akubwereza dzina la mwana kuti zimveke bwino kuti akunena ndani. Masamba amenewa akaona anthu akukangana pansi pa chithunzi amaganiza kuti chakoma, ndiye amachikankhira kwa anthu ena ambiri. Pofika Lamlungu nkhope zoseka zinali zitawirikiza. Nynke anayenda pafoni nyumba ndi nyumba kupempha aliyense kuti afufute zimene analemba, kuyambira mwamuna wake.

A Algra, wapolisi wa m'dera lathu, amagula buledi wofiirira Lolemba lililonse, choncho ndinauza Hylke kuti adzawadikire pasitolo. Hylke anawaonetsa foni. A Algra anaiyang'ana, anakanikiza milomo kuti asaseke, kenako anafunsa ngati munthuyo waopseza mwana, ngati amamutsatira, kapena ngati chithunzicho chili cholaula. Hylke anati ayi katatu. Wapolisiyo anafotokoza kuti zikanakhala choncho akanayamba nazo tsiku lomwelo, koma kujambula anthu pa chikondwerero cha pabwalo si mlandu woti n'kumangira munthu. Kufalitsa nkhope ya mwana ndi dzina lake lonse makolo osavomereza ndi nkhani ina, ndipo malamulo ake alipo, koma woyendetsa nkhaniyo ndi kholo lenilenilo. Anamulangiza kuti adandaule kwa eni tsamba la mchezolo, ndiponso alembere wojambulayo mwachindunji, mwamseri, momveka bwino.

"Ndiye simukamugwira?" anafunsa Hylke.

"Bambo Roorda, inu mumagwira makoswe onse amene mwawaona. Ife timayamba tafunsa kuti alakwa chiyani."

Safunsa anadya phula. Hylke anapeza batani lodandaulira yekha, ndipo tsambalo litamufunsa chimene chavuta, anawerenga zosankha zonse n'kudina chachiwawa, poti mwanayo anagwa mwamphamvu. Yankho linabwera mwachangu, laulemu kwambiri, lomuthokoza ndi kumuuza kuti sanapezemo chiwawa chilichonse. Anadinanso, ulendo uno n'kusankha nkhani zabodza, poti Marrit sanalawe madziwo mwadala. Anamuthokozanso. Nynke ndiye anakapeza fomu yoyenera, yobisika kuseri kwa masamba a chithandizo, ya kholo lodandaula za chithunzi cha mwana wamng'ono choikidwa popanda chilolezo. Anaikamo adiresi ya chithunzi, msinkhu wa mwana, ndi kuti iwo ndi makolo ake. Kumeneko kunalibe yankho lachangu. Anangouzidwa kuti nkhani yalandiridwa.

Kudikira si vuto kwa munthu wa misampha, koma Loweruka lina linadutsa, Marrit osatsika. Apa m'pamene Hylke anaona pa tsamba la a Dalhuisen chinthu chimene chinamuimitsa tsitsi. Bamboyo amagulitsa makalendala a masiku obadwa, aja timakoloweka kuseri kwa chitseko cha chimbudzi kuti tisaiwale tsiku la azakhali, ndipo ankalengeza kuti kalendala yatsopano ya moyo wa kumudzi ikupita kosindikiza posachedwa. Mwezi wa Julaye unali Marrit. Ndinaona mlongo wanga akuwerengera mumtima zimbudzi zonse za dziko lino, ndi anthu okhala pansi opanda china choyang'ana, chaka ndi chaka, poti kalendala ya masiku obadwa siitha ntchito.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Adiresi ya bizinesi ya makalendalayo inali pa tsamba pomwepo, ku Amersfoort, ndipo m'mawa mwake Hylke anapempha tchuthi, anavala malaya a ukwati wa msuweni wathu, n'kuyendetsa galimoto maola awiri. Zimene zinachitika kumeneko ndinachita kumuzula mawu amodziamodzi ngati minga. Akuti anagogoda, ndipo anatsegula bambo wamtali wa ndevu zoyera, magalasi ali pamphumi. Hylke anadzitchula dzina. Bamboyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato n'kufunsa kuti kodi anapangana. Hylke anavomera kuti sanapangane. Bamboyo anati ndiye zavuta, chifukwa akuyembekezera kudya nkhomaliro, koma analowa m'nyumba n'kubwera ndi buku lake la mapangano, anatsegula masamba, n'kupeza mpata Lachinayi la sabata yachitatu, nthawi ya khofi. Ndipo mlongo wanga, amene anachoka kunyumba mtima uli m'mwamba, anatulutsa kabuku kake, anaona kuti Lachinayi limenelo n'lotheka, analemba, anagwirana naye chanza, n'kubwerera.

"Iwe Hylke, unayenda mtunda wonsewo kukalembetsa khofi?" ndinamufunsa.

"Sitinapangane, achemwali."

Ndinafuna kumugenda ndi buledi, koma ndikanakhala ine pakhomo paja, munthu n'kundigogodera nthawi ya nkhomaliro osaimba foni, buku ndikanalitulutsa.

Ulendowo unathandiza chinthu chimodzi: unakwiyitsa Nynke mokwanira kuti akumbukire inshuwalansi. Kuno timalipirira chilichonse, njinga, magalasi a mawindo, mphaka wa eni ake ukamuponda, ndipo pakati pa zonsezo banjali linkalipiranso ya chithandizo cha malamulo kwa zaka zambiri osaigwiritsa. Anaimba, ndipo anapatsidwa mayi wina wa zamalamulo wa mawu ozizira ngati madzi a pampopi. Mayiyo anafotokoza kuti nkhope ndi dzina la mwana ndi zinthu zake zotetezedwa ndi lamulo la ku Ulaya kuno, ndipo poti sanafike zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, makolo ndiwo amamuimira. Munthu akasunga chithunzi mu foni yake n'kuonetsa abale ake, lamulolo silimukhudza, koma akachiika poyera kwa aliyense, makamaka pochita nacho malonda, limamugwira. Kholo limalemba kupempha kuti chifufutidwe, ndipo wolemberedwayo ali ndi mwezi umodzi woti ayankhe. Akakana kapena akangokhala chete, umatenga kalata yako ndi umboni wako kupita nazo ku bungwe loona za chinsinsi cha anthu, koma kumeneko mzere ndi wautali. Njira yachangu poti kalendala ili pafupi ndi ya kukhoti, pa lamulo lina lakale loti munthu angathe kuletsa kufalitsidwa kwa chithunzi cha nkhope yake ngati ali ndi chifukwa chomveka.

Mayiyo anauza Hylke kuti ayambe walemba yekha. Kalatayo ndinaiona isanapite. Inali ya mizere inayi, ndipo unali ulaliki wautali kwambiri wa moyo wake: kuti iye ndi bambo wa Marrit wa zaka khumi, kuti sanavomere ndipo sakuvomera, kuti chithunzi ndi dzina zichotsedwe pa adiresi yakutiyakuti komanso mu kalendala, ndiponso kuti ayankhidwe molemba mwezi usanathe. Anaitumiza yosainira polandira, risiti n'kukaitsekera m'shedi muja.

A Dalhuisen anayankha masamba atatu. Sanali munthu woipa, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa kwambiri, chifukwa ndinali nditakonzeka kudana nawo. Analemba kuti anagwira ntchito ya zojambula mapulani a misewu mpaka kupuma, kuti mkazi wawo atamwalira kamera ndiyo inawatulutsa m'nyumba, ndipo kuti iwo amalemba dzina lonse la munthu aliyense amene amujambula chifukwa cha ulemu, poti munthu si ng'ombe yoti n'kumangoti mwana wina. Dzinalo analimva pachimkuzamawu ngati wina aliyense. Anati chithunzicho ndi luso, ndipo luso lili ndi ufulu wake. Komabe, chifukwa cha mtima wabwino, anali okonzeka kuchotsa dzina la pakati.

Mayi wa zamalamulo uja sanaseke. Anati pa nkhani ya luso bamboyo sakunama, ufulu umenewo ulipodi ndipo umatha kufooketsa pempho lofufuta, n'chifukwa chake woweruza amaika mbali ziwiri pasikelo. Koma mbali inayo pali mwana wolira, dzina lake lonse, mudzi wake, kunyozedwa kusukulu, ndi kalendala yogulitsa. Analemba kalata yakeyake pa pepala la kampani, yonena kuti chithunzi chikapanda kuchoka apita kukhoti mwachangu kukapempha kuti makalendala aletsedwe, ngakhale atasindikizidwa kale.

Lachinayi la khofi lija ndinapita nawo, poopa kuti mlongo wanga angabwereko ndi pangano lina. A Dalhuisen anatilandira nthawi yake yeniyeni. Anatithirira khofi, anatsegula chitini cha mabisiketi, aliyense anatenga imodzi, chitini n'kutsekedwa. Kalata ya kampani ija inali patebulo, yosalazidwa bwino. Anayamba kulankhula za kuwala kwa tsiku lija, za mtundu wa ndere pa tsitsi la mwana, za mmene anthu a m'mizinda aiwalira matope. Ine ndinali nditakonza mawu okwanira kudzaza ngolo, koma Hylke anandiponda phazi. Anangokhala, manja pamaondo, akuyang'ana a Dalhuisen mmene amayang'anira una. Ndimaudziwa ukali wa chete ameneyu, ndakula nawo. Bamboyo anachoka pa luso n'kufika pa mtengo wa kusindikiza, anachoka pamenepo n'kufika pa adzukulu awo awiri, kenako mawu anawathera n'kuyamba kupukuta magalasi.

"Munamufunsa?" anatero Hylke.

"Ndani?"

"Mwanayo."

"Bambo Roorda, pagulu ngati lija munthu sungafunse aliyense."

"Simunajambule aliyense."

A Dalhuisen anayang'ana kalata, anayang'ana Hylke. Sindikudziwa chimene chinalemera kwambiri pakati pa funsolo ndi makatoni a makalendala oletsedwa, ndipo sindinafunse. Anatsegula kompyuta ife tikuona, anafufuta chithunzi pa tsamba, anachichotsa mu kalendala n'kuikamo ng'ombe ikuyang'ana njinga, kenako analemba pa pepala kuti sadzachigwiritsanso ntchito kulikonse, n'kusaina. Potuluka anatsegulanso chitini chija n'kupatsa Hylke bisiketi yachiwiri kuti akampatse mwana. M'moyo wanga wonse sindinaonepo chitini chikutsegulidwa kawiri kwa alendo omwewo.

Eni tsamba la mchezo anayankha fomu ija patapita masiku, kutiuza kuti chithunzi chimene tinadandaula nacho sichikupezekanso. Tinawathokoza mumtima. Koma ukalemba dzina la Marrit pofufuzira, kankhope ka matope kankatulukabe, kakang'ono, ngakhale ukakadina sikankakufikitsa kulikonse. Imeneyo inali fomu inanso, yopempha eni makina ofufuzirawo kuti achotse zotsalira za tsamba lofufutidwa, ndipo ulendo uno Hylke anafunsa kaye asanadine. Za m'mafoni a ana a sukulu malamulo onse aja sakanazifikira msanga. Aphunzitsi ndiwo analankhula ndi kalasi ndi makolo, ambiri anafufuta, ndipo kulira kwa achule kunazilala pamene mnyamata wina anathyoka dzino pa njinga n'kutenga malo a nkhani.

Tsiku limene dzina la Marrit linatuluka loyera, ndinali kwawo masana, nditabweretsa keke. Hylke anaika kompyuta patebulo la kukhitchini, anaitana mwana, n'kumuuza kuti alembe dzina lake. Analemba. Panatuluka mayi wina wa dzina lofanana wogulitsa nyumba ku Canada, basi. Mlongo wanga anakhala tsonga, akudikira. Marrit anati zikomo, mwaulemu ngati akuthokoza dokotala wa mano, n'kuimirira kuti azibwerera kuchipinda.

"Loweruka?" anafunsa Hylke.

"Ayi."

Ndinamva chisoni chimene sindinachiyembekezere. Munthu anali atayenda ku Amersfoort kawiri, analemba kalata, analankhula ndi wapolisi ndi loya, zinthu zimene kwa iye n'zolemera kuposa kukumba ngalande ndi supuni, ndipo anakhala pamenepo manja ali lende. Nynke anafunsa mwanayo chimene chatsala. Marrit anaima pakhomo, akukanda utoto wa pachitseko ndi chikhadabo.

"Ababa anachiona chithunzicho?"

"Ndachiona kambirimbiri," anatero Hylke.

"Munkangoona dzina. Kumbuyo simunaoneko."

Hylke anapita kushedi n'kubwera ndi pepala la umboni lija, lonunkha misampha, lomwe linali chithunzi chokhacho cha papepala chimene tinali nacho. Analitambasula patebulo. Tonse tinawerama. Pakati panali Marrit ndi ndere yake, monga tinkadziwira. Kumbuyo, pakona ya kumanja, m'mphepete mwa ngalande, panali mwamuna wovala chipewa chobiriwira, atapindika pakati, dzanja limodzi pabondo, lina likuloza, kukamwa kuli pululu, mano onse panja. Ankaseka chikhakhali, kuposa wina aliyense pagululo. Ine ndinazindikira chipewacho ndisanazindikire nkhope, chifukwa nkhope imeneyo sindinaionepo pa mlongo wanga.

"Anthu ena aseke, sindiwadziwa," anatero Marrit. "Koma inu."

Palibe fomu ya zimenezi, ndipo inshuwalansi siilipira. Ine pakamwa panga panayabwa kuti ndimuthandize, koma Nynke anandiyang'ana ndipo ndinadya keke. Hylke anayang'ana pepalalo, makutu atafiira. Kenako analankhula, movutika, ngati munthu wokoka jombo m'matope. Anati anasekadi. Anati mtengo utaima chilili anakumbukira tsiku limene iye anakakamira chimodzimodzi ali mnyamata, pamaso pa abambo athu, ndipo kuseka kunamutulukira asanaone kuti mwana akulira. Anati zimenezo si chifukwa chokwanira, kuti anayenera kukhala woyamba kulowa m'madzimo, ndipo analakwa.

"Pepa, mwanawe. Ndinakusiya wekha."

Marrit anabwerera patebulo pang'onopang'ono. Anafunsa ngati pepalalo likufunikanso kwa loya, ndipo mayi ake anati nkhani yatsekedwa, zotsala zili mu kompyuta yawo ndipo azifufuta iye akuona. Ndiye anatsegula kabati n'kutenga sizasi. Anadula chithunzicho pawiri. Mbali ya nkhope yake ndi dzina lake anaing'amba tizidutswa ting'onoting'ono n'kukatitaya m'bini ya mapepala, poti ngakhale pa tsiku lotere mwana wa kuno sasakaniza zinyalala. Mbali ya pakona anaigwira m'manja, akuiyang'ana, ndipo anayamba kumwetulira.

"Azakhali, taonani mano. Ndimayesa alibe akumbuyo."

Nynke anachilanda, anachiyang'ana, n'kunena kuti pa zithunzi zonse za m'nyumbamo, za ukwati ndi za ubatizo zomwe, palibe ngakhale chimodzi chimene mwamuna wake akuseka, ndipo ichi chipite pafiriji lero lomwe. Anatenga kale kamaginito. Koma Marrit anamugwira dzanja, anatenga kachithunziko, n'kukaima pamaso pa bambo ake.

"Ababa, ichi ndi chanu. Mukulola chikhale pafiriji? Dzina sitilemba."

Hylke anadziyang'ana pa kapepalako, mano ali panja, chala chikuloza mwana amene tsopano sanalinso pamenepo.

"Eya," anatero.

"Mukatopa nacho mudzanene, tidzachotsa," anatero Marrit. Anachikanikiza ndi maginito pafupi ndi ndandanda ya masiku otolera zinyalala, anabwerera m'mbuyo kuti aone ngati chawongoka, n'kudzidulira keke. "Loweruka mudzandidzutse. Koma mukadzaseka ndidzakukankhirani m'madzi."